Jekeseni ya Amalume

Ndinapeza sutikesi ya mlamu wanga ili panja, pansi pa mtengo wa mango. Pamwamba pake panali bulangete ndi nsapato zake za kutchalitchi. Amayi anali pakhonde, akuswa mtedza. Mchemwali wanga anali m'nyumba ndi ana, sanatuluke.

Ndinafunsa kuti kwagwanji. Amayi sanadzutse mutu.

"Wandiphera mlongo wanga ndi singano yake. Apite kwawo."

"Amalume sanafe."

"Ukudikira kuti afe?"

Ndinanyamula sutikesi ija, ndinakaiika m'lole.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ine ndinkayendetsa lole ya chipatala cha mishoni, kunja kwa Fort Jameson. Amalume anali khukhi wa chipatalacho. Mlamu wanga anali wothandiza adokotala, wotsuka zilonda ndi kubaya jekeseni. Anali mkamwini pamudzi pathu, wochokera kutali, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Pa ukwati wake ankhoswe tinali awiri, amalume ndi ine. Tsopano wamkuluyo anali gone m'wodi ndi chibayo, ndipo mlandu unagwera ine.

Chaka chapitacho chimfine chinagwetsa antchito ambiri nthawi imodzi, odwala n'kusowa wowapatsa madzi. Chitayambanso kumveka m'midzi, adokotala anaitanitsa katemera. Anali wochepa, wa antchito okha. Ndinakamutenga ndine ku Lusaka, m'bokosi la madzi oundana lokutidwa ndi masaka onyowa. Tinaima pamzere kuseri kwa wodi, mlamu wanga n'kumatibaya. Sabata isanafike pakati amalume anagwa m'khitchini, thupi lili moto.

Masiku amenewo chilichonse chochokera kwa azungu chinali ndi mbiri yake. Ena ankati shuga wa m'sitolo amatseka mimba. Ena ankati singano za boma n'zochepetsa anthu akuda. Amayi sanali opusa. Anaona munthu wamphamvu abayidwa, anaona agwa. Wobayayo anali kudya pakhomo pawo.

Mlamu ndinamupeza kuchipatala akuwiritsa majekeseni. Usiku wapitawo anagona pamkeka kwa mnzake. Ndinaika sutikesi pansi.

"Alamu, m'botolo muja muli chiyani?"

"Tizilombo ta chimfine."

"Ndiye amayi akunena zoona."

"Takufa, alamu."

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa mphika wa singano. Anati tizilomboto amatikulitsa m'mazira a nkhuku, kenako amatipha ndi mankhwala tisanalowe m'botolo. Munthu amadwala chimfine pamene tizilombo tamoyo talowa m'mphuno ndi m'chifuwa n'kumaswana. Takufa sitiswana. Thupi limangotiona, n'kukonza zolimbana nato, kuti tamoyo tikadzabwera lidzatidziwe msanga. Anandikumbutsa agalu a bambo anga, momwe tinkawanunkhizitsira chikopa cha nguluwe asanapite kukalondera munda. Chikopacho sichinadyepo chimanga cha munthu.

Ndinati nanga mkono wanga unatupiranji, ine n'kumasintha giya ndikutukwana mpaka ku Katete, thupi lili lofunda.

Anaseka koyamba. Anati limenelo linali thupi langa likugwira ntchito, ndipo m'mawa mwake ndinadzuka n'kudya ngati fisi. Zinali zoona.

"Nanga amalume?"

Anasiya kuseka. Anati thupi limafuna pafupifupi masabata awiri kuti likonzeke. Chimfine chikakupeza nthawiyo isanakwane, umadwala ngati sunabayidwe. Ndipo chimakhala m'thupi masiku angapo munthu asanachimve. Iye ankaganiza kuti amalume anabwera nacho pamzere paja. Koma anawafunsa, monga ankafunsira aliyense, ngati akumva kutentha kapena kuzizidwa, chifukwa wodwala kale sankamubaya. Amalume anangopinda malaya n'kunena kuti baya.

Ndinafunsa kuti bwanji sanawauze amayi zonsezi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Iye, mkamwini, aime pabwalo la apongozi n'kunena kuti mlongo wawo ananama? Anati anagwada patali, anamvera, ananyamuka. Chimene chinkamupweteka n'choti kamwana kake kakang'ono kanamutsatira mpaka kumsewu.

Sindinakhulupirire chifukwa choti wanena ndi iye. Sukulu yanga inathera Sitandade 4 ku Tamanda, za mazira sindinazione. Koma botolo lomwe anabayira amalume ndi lomwe anabayira ine, kalipentala ndi mlonda. Ndinali kumbuyo kwawo pamzere. Tonsefe tinali kuyenda.

Akazi a amalume ndinawapeza pampope, akuchapa nsalu za odwala awo. Ndinawapatsa moni, ndinawathandiza kufinya bulangete. Kenako ndinafunsa kumene amalume anali Loweruka, asanabayidwe.

Anati kumaliro, cha ku Mtenguleni. Anamwalira ndi msuweni wawo, ndi chifuwa. Pamudzipo anthu anali kutsokomola nyumba ndi nyumba. Amalume analowa kukaona ana a malemuwo, amene anali gone, ndipo anakhala nawo nthawi.

"Anabwerako ali bwino?"

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku. Anati m'mawa wa tsiku la jekeseni amalume anadzuka akunjenjemera, mutu ukuwawa. Iwo anawauza kuti agone. Amalume anakana, n'kuwaletsa kuuza munthu. Anati akaulula adzawachotsa pamzere, pamene singanoyo ndi imene ikanawachiza.

Apo ndinamvetsa. Zaka zingapo m'mbuyomo amalume anali ndi chilonda pamwendo chimene chinakana mankhwala onse. Anawabaya penisilini, chinauma. Kuyambira pamenepo ankati mapiritsi ndi a ana, munthu wamkulu amachira ndi singano. Sanali okha. Anthu ankayenda mtunda wautali kudzapempha jekeseni, ukawapatsa mapiritsi n'kukataya kuseri kwa chipatala.

Ndinadikira kuti moto utsike m'thupi mwawo. Tsiku limene anayamba kutukwana phala la wophika mnzawo, ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinakhala pampando pafupi ndi bedi.

"Amalume, munabayitsa muli wodwala kale."

"Wakuuza ndani?"

"Zilibe kanthu."

"Mkazi uja pakamwa pake mpobowoka." Anatsokomola nthawi yaitali. "Jekeseni ndi jekeseni. Ija ya mwendo inandichiza."

Ndinati ija inali yochiza, iyi inali yotchinga, ndipo sichiza munthu amene chamulowa kale. Ndinabwereza zimene mlamu anandiuza, mwachidule. Anamvera nkhope ili kukhoma. Anati ndiye azungu apange yochiza, asamavutitse anthu ndi zinthu zakufa. Ndinati ya chimfine yochiza kulibe. Penisilini amene akuwabaya tsopano ndi wa chibayo chimene chinabwera pamwamba pake.

Kenako ndinawauza za sutikesi.

Sankadziwa. Anatembenuka, nkhope itagwa. Anafunsa kuti mnyamatayo akugona kuti. Anafunsa ngati ndi yemweyo amene amawatembenuza ndi kuwapukuta m'mawa uliwonse, osanena kanthu. Ndinati ndi yemweyo.

"Kamutenge mayi ako."

Lamulungu nditatsitsa odwala ochira m'tauni, ndinadzera kumudzi. Amayi anakwera kutsogolo, dengu lili pamiyendo. Njira yonse analankhula za mkamwini. Anati sanamukonde chiyambire, munthu wosaseka mokweza, wosamba m'manja ngati wagwira nyansi. Ine ndinayang'ana msewu.

M'wodi anagwada pafupi ndi bedi n'kuyamba kulira. Amalume anawaletsa. Ananena okha, ndi mawu osasa, za maliro, za kunjenjemera, za momwe mnyamatayo anawafunsira iwo n'kubisa. Sanazungulire. Anthu a pamabedi ena anali kumva, ndipo kwa munthu ngati iwo chimenecho sichinali chaching'ono.

Amayi anapukuta maso. Sanagonje. Anati nanga mayi wochapa zovala uja, amene anabayidwa tsiku lomwelo, n'kugwa masabata atatu atapita? Iyenso anapita kumaliro?

Funsolo ndinali nditafunsa kale, chifukwa nanenso linandivuta. Ndinati mayiyo anamuyeza magazi, anapeza malungo a udzudzu. Katemerayu ndi wa chimfine chachikulu chokha. Malungo sawadziwa, ngakhale kachimfine wamba ka mamina, kamene kali ndi tizilombo take. Ndinawonjezanso chimene mlamu sanabise: ngakhale chimfine chenichenicho chimatha kugwira wobayidwa. Tizilomboto timasintha, tikabwera tosiyana ndi ta m'botolo thupi silitizindikira bwino. Matupi a okalamba samvanso msanga ngati a anyamata. Koma obayidwa amene amagwa ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri sagwa kwambiri.

"Ndiye ndi mankhwala anji osatsimikiza?"

Ndinati sindikudziwa ena otsimikiza.

Amalume anakweza dzanja. Anati za mankhwala azikangana ophunzira. Iwo ngati nkhoswe akunena kuti mnyamatayo alibe mlandu. Akachotsedwa pamudzi chifukwa cha iwo, sadzapondanso pakhomo pa mlongo wawo, ndipo maliro awo asadzabwereko.

"Mwayamba kale kuitana anthu kumaliro," anatero amayi. "Idyani nthochi izi."

Anasenda imodzi, anawapatsa m'manja. Anakhala pamenepo mpaka inatha. Za mkamwini sanatchule.

Titatuluka, mlamu wanga anali kubwera ndi beseni la zotsukira zilonda. Ataona apongozi anapatuka, anaima pambali pa khoma, mutu uli pansi. Amayi anadutsa osamuyang'ana. Tinayenda mpaka pamtengo wa bulugamu pamene ndinaimika lole. Apo anaima, n'kukonza mpango kumutu.

"Ukamuuze bambo wa ana aja kuti denga la khitchini likudikira udzu. Mvula sidikira munthu wogona kwa anzake."

Ndinati ndamva.

"Koma ine asadzandiyandikire ndi singano yake. Ngakhale ndili gone. Wamva?"

Anandiyang'ana, kudikira kuti nditsutse. Ndinawatsegulira chitseko cha lole, ndinaika dengu pampando. Kenako ndinatembenuka, ndinalowera kuwodi kumene mlamu anali ataimabe ndi beseni lake.