Kalata yopanda chidindo

Mwana wanga wamkazi ankaphunzira za chuma ku koleji ku Blantyre. Atabwera kwathu ku Hewe patchuthi, anadwala malungo aakulu. Mitsinje inali itadzaza moti sitikanatha kufika kuchipatala, choncho ndinamudwazika pakhomo ndekha, poti mayi ake anali atatisiya kale. Ntchito yolemba imene anam'patsa kusukulu inaima. Iye ankanena mawu ali chigonere, ine n'kumalemba kalata yopempha aphunzitsi ake kuti amuwonjezere masiku.

Yankho linati popanda chikalata chodindidwa kuchipatala sizitheka. Mnzanga wa kumpingo, wogwira ntchito kuchipatala, anati, "Adada, bwerani ndidinde kuti anagonekedwa kuchipatala kwathu." Ndinakana, chifukwa sanagonekedwe.

Mwanayo analephera phunzirolo, nabwereza chaka. Ine sindikwiya msanga, koma izi zimandiwawabe mpaka lero. Bodza lodindidwa aphunzitsiwo akanalilandira, koma ine amene ndinkachapa zofunda zake zonyowa ndi thukuta anandiyesa wonama.