Pini wa Ulusi Wakuda

Azakhali anga a Keziah, amene anthu onse pa Nkhata Bay amangowatchula kuti NyaManda, ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika. Ine ndinafika kwawo mu 1976 kuchokera ku Kitwe kumene ndinabadwira, nditavala buluku yotambalala kumiyendo. Asanandifunse n'komwe za ulendo, anandivulitsa bulukuyo n'kuichepetsa pamakina.

"Kuno zotere amamanga nazo, Elliot," anatero akuluma ulusi. "Mawa ukametenso. Tsitsi limeneli ulisiyire a ku Zambia."

Panthawiyo anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ana atatu, ndipo ankaphunzira Fomu 2 kudzera m'makalata. Sukulu yake inali ku Blantyre. Inkawatumizira timabuku totchedwa maseti, ndipo kumapeto kwa seti iliyonse kunali mafunso. Munthu ukayankha unkatumiza papositi, wochonga n'kuchonga, pepala n'kubwerera pakatha milungu itatu kapena inayi lili ndi malikisi ndi ndemanga za inki yofiira. Maphunziro awo anali asanu ndi limodzi: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Jogalafe, Histole ndi Baibulo. Chimene ankafuna chinali chimodzi, setifiketi ya JC, chifukwa ku ofesi ya zachitukuko anawauza kuti popanda pepala limenelo sangawalembe ntchito yophunzitsa amayi kusoka.

Ophunzira a m'makalata ankakumana masana ku pulayimale, kumene ankawayang'anira a Mtambalika, mphunzitsi wochokera ku Dedza. Bambo ameneyu anali ndi lamulo lake: pofika tsiku lotsekera teremu yachiwiri, amene sanatumize maseti onse kufika pa 8 m'phunziro lililonse, dzina lake silikwera pamndandanda wa olemba mayeso. Adikire chaka chamawa.

Tsono maseti a maphunziro asanu ndi limodzi sayenda pamodzi. Pamene Histole 5 ikubwerera, Masamu 4 ili m'njira, Chingerezi 7 sichinalembedwe, Chichewa 3 chabwezedwa kuti achibwereze chifukwa alowetsamo Chitonga. Azakhali anali ndi njira yawo yosungira zonsezi. Kumbuyo kwa makina kunkapachikidwa chikatoni chokutidwa ndi nsalu, ndipo pamenepo anasokerapo timizere ta nsalu tisanu ndi kamodzi, kalikonse mtundu wake. Seti ikafika, ankabaya pini choimirira. Akatumiza, ankamugoneka chopingasa. Ikabwerera yochongedwa, ankazula piniyo n'kusokerapo batani. M'mawa uliwonse asanaponde makina ankayendetsa chala pamizereyo akudziyankhulira okha.

Ine zimenezi zinandiseketsa. Ku Kitwe ndinagwirako miyezi isanu ndi umodzi mu ofesi ya mgodi, ndiye ndinkadziona ngati ndabwera kudzakonza boma lonse.

"Azakhali, anthu ophunzira sachita chonchi. Akasitomala akuganiza kuti ndi zitsanzo za mabatani."

"Ena amagula," anayankha osatukula mutu.

Koma ndinalimbikira. Ndinatenga kope, ndinalemba mizere ndi lula, mayina a maphunziro kumanzere, pamwamba mawu atatu: yafika, yatumizidwa, yabwerera. Ndinakopera zonse za pachikatoni paja. Pini mmodzi wopingasa pamzere wobiriwira, wa Jogalafe, anali ndi kaulusi kakuda kokulungidwa kumutu. Ndinaganiza kuti kangokodwapo, pajatu pakhonde la telala ulusi uli paliponse. Ndinachonga "yatumizidwa", chikatoni ndinakachiika pansi pa bedi. Azakhali anandisiya. Ndikuganiza kuti anaona kuti mwana wa mchimwene wawo akusowa chochita.

Kope linayenda bwino milungu ingapo. Madzulo tikaweruka ndinkawawerengera ngati kalaliki wa khoti, iwo n'kumavomera m'Chitonga kuti "yewu, bwana".

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti teremu ithe, kunabwera envulopu ya khaki. Inali Jogalafe 7, malikisi 68. Azakhali anavina pang'ono pakhonde pomwepo, tepi yoyezera ili m'khosi. Kenako anandipatsa kuti ndiwawerengere ndemanga, chifukwa wochongayo ankalemba ngati nyerere. Anayamikira mapu awo a mitsinje, ndipo pansi anawonjezera kuti seti 6 sanailandire.

"Wati chiyani?"

"Akuti 6 sanaione. Koma m'kope muli bwinobwino, onani. Yatumizidwa. Ataya okha kumeneko."

Masana tinapita kwa a Mtambalika. Anatsegula buku lawo lalikulu, nayendetsa pensulo.

"Mayi Manda, Chingerezi mwamaliza. Histole ndi Baibulo mwamaliza. Masamu 8 ndi Chichewa 8 zikudikira kuchongedwa, palibe vuto, ndinaziika m'thumba la makalata ndekha. Jogalafe 8 yapita sabata yatha. Koma 6 mulibe m'buku langa. Sinadutse pano, ndipo ku Blantyre akuti sinafike."

"Ada, ndinalemba ine. Ya mvula ndi mphepo ija."

"Sindikukana. Koma ine ndimalemba chimene ndaona. Mukhoza kuyankhanso, mubweretse lisanafike Lachisanu la sabata yamawa."

Kuyankhanso kukanatheka, koma kabuku ka seti 6 anali atabwereketsa mnzawo wina amene anasamukira ku Chintheche, ndipo ka a Mtambalika kanali kopanda masamba omaliza, pomwe pamakhala mafunso. Ine ndinayamba kukamba za mmene positi ya ku Kitwe imayendera. Azakhali anandiyang'ana kamodzi, ndinasiya.

Titafika kunyumba anagwada n'kusolola chikatoni chija pansi pa bedi. Anapukuta fumbi, chala chinatsika mzere wobiriwira n'kuima.

"Elliot. Ulusi uwu unauona?"

"Ndinauona."

"M'kope mwako unaulemba pati?"

"Ulusi amalemba?"

Anakhala pansi n'kuyamba kuseka, mpaka misozi. Atapuma anandifotokozera. Ulusi wakuda unkatanthauza kalata ya pamanja. Kuno munthu akamva kuti wachibale akupita kummwera, samuona akudutsa chabe: amamupatsira kalata, ufa wa kondowole, nthawi zina mwana. Mvula ikagwa misewu inkavuta, ndipo aliyense ankakhulupirira kuti kalata yoponyedwa ku Monkey Bay imafika msanga ku Blantyre. Tsiku lomwe anamaliza seti 6, mlamu wawo Cyrus, mng'ono wa amuna awo, amene ankagwira ntchito kukhitchini ya sitima ya panyanja, anabwera kudzatenga malaya. Anamupatsira envulopuyo, sitampa yomatamata, kuti akaiponye kumeneko. Ulusiwo unali wowakumbutsa kuti akamuonanso amufunse. Chikatoni chitapita pansi pa bedi, funsolo linapita nacho.

"Cyrus wadutsa pano kangati chiyambire?" ndinafunsa.

"Kanayi. Ulendo wina ndinamuphikira ndi tiyi."

Sitima inkayembekezeka Lachiwiri m'mawa kuchokera kumpoto. Azakhali sanatsegule makina tsiku limenelo. Anavala chitenje chawo chabwino, khadi yachipani anaimanga pakona ya mpango poopa anyamata ofunsa makhadi panjira, ndipo tinatsetserekera kudoko. Kunali piringupiringu wa masiku onse a sitima: matumba a chinangwa, mitolo ya usipa, njinga, mbuzi imodzi yokana kukwera. Cyrus tinamuona ali pamwamba akukhuthula madzi a m'ndowa, munthu wamfupi wonenepa, wokonda kuseka.

"Alamu!" anakuwa. "Mwandibweretsera chiyani?"

"Tsika ndikuuze!"

Anatsika akupukuta manja.

"Kalata yanga ija unaponya?"

"Kalekale, alamu. Tsiku lomwelo."

"Unaponya kuti?"

"Ku Monkey Bay, m'bokosi lofiira lija."

"Unavala chiyani?"

Cyrus anayang'ana ine ngati ndimuthandiza. "Jekete yanga yakuda. Bwanji?"

"Ija ndinakusokera thumba lam'kati? Kaitenge."

"Alamu, ntchito yandichuluka, abwana akuona..."

"Ndikwere ndekha? Ndikawafunse abwana akowo ngati Jogalafe amaidziwa?"

Anzake awiri amene ankasenza makatoni anaima kuti amve bwino. Cyrus anakwera, ndipo anakhalitsa. Pobwera ankayenda pang'onopang'ono, jekete ili pamkono. Azakhali anapisa dzanja m'thumba lomwe anasoka okha, natulutsa makalata atatu. Ina inali ya mkulu wa mpingo, ina ya mayi wina wa ku Chikale yopita kwa mwamuna wake ku Joni. Yachitatu inali ya khaki, yopindika pakati, yonunkha anyezi.

"Kwatentha masiku ano," anatero Cyrus motsitsa mawu. "Jekete sindinaivale."

"Jogalafe yazungulira nyanja milungu isanu," anatero mmodzi wa anzake aja. "Imeneyo yakhoza kale, ama. Madoko onse yawaona ndi maso."

Azakhali anayesa kukwiya koma zinawakanika. Anamumenya Cyrus ndi envulopuyo paphewa, n'kumulamula kuti makalata awiri enawo akawaponye pompano iwo akuona. Tinamuperekeza mpaka ku positi ofesi, iye patsogolo, ife pambuyo ngati apolisi.

Azakhali atawafotokozera za Cyrus, a Mtambalika anaitembenuza envulopuyo kawiri. Sitampa inali yosadindidwa. Anaitsegula mosamala, nawerenga deti lomwe azakhali analemba pamwamba pa pepala, nayang'ana nambala yawo ya sukulu ngati ilipo, kenako ananunkhiza.

"Mayi Manda, wochonga akalandira iyi amva njala."

"Ada, dzina langa likwera?"

A Mtambalika anaika mapepalawo mu envulopu yatsopano, naiponya m'thumba la makalata a sukulu lomwe linkanyamuka m'mawa mwake. Anatsegula buku, nalemba deti pa Jogalafe 6. Kenako anatulutsa pepala lina lalitali m'dirowa, ndipo pansi pa mayina khumi ndi anayi analemba Keziah Manda.

"Koma kuyambira lero zonse zizidutsa pano. Alamu anu azinyamula usipa."

Pobwerera azakhali anagula nthochi, nandipatsa ziwiri. Kunyumba ine ndinatenga kope langa lija n'kuwonjezera mzere wachinayi, wa kalata za pamanja, koma nditawaonetsa anangoti, "Lakongola," n'kulembamo miyeso ya diresi ya mkazi wa apolisi.

Chikatoni chinabwerera pamsomali wake. Jogalafe 6 inafika tchuthi chili pakati, malikisi 74, oposa maseti ena onse a phunzirolo. Azakhali anazula pini uja, anamasula kaulusi kakuda, ndipo m'malo mwa batani wamba la m'chitini chawo anasokerapo batani lalikulu lakuda. Ndinalizindikira, linali la jekete yakuda ija. Cyrus anayenda chaka chonse ndi jekete yosowa batani limodzi, ndipo sanayerekeze kufunsa.