Mpata wa M'fanizo la Mwana Wolowerera

Mwana wanga wamkazi anabwera ndi foni ku khonde ndili kusoka ukonde, Lachisanu masana, mlungu wachitatu wa Lenti. Iye ankaphunzitsa sukulu ya pulaimale kwathu kuno ku Msumba, uku akuchita maphunziro a patali kuti akwere udindo. Aphunzitsi ake a ku Lichinga anali atamutumizira masilaidi makumi awiri a nzeru zosanthulira zolemba, ndipo ezame, ndiye kuti mayeso, inali Lolemba la mlungu winawo.

"Ababa, mawu onsewa ndikuwerenga, koma sakulowa. Inu munaphunzitsa Chipwitikizi ku sekondale zaka zonse zija. Ndithandizeni."

Ndinavala mandala. Silaidi iliyonse inali ndi dzina lalitali pamwamba ndi timizere titatu pansi, popanda chitsanzo ngakhale chimodzi. Zinthuzo ndinaziphunzira kale, ndipo ndinkadziwa kuti sizimveka pokhapokha utazigwiritsa pa nkhani. Ndinamuuza kuti tisankhe nkhani imodzi yodziwika, tiiwerenge kasanu ndi kamodzi. Popeza ndimawerenga Mawu m'tchalitchi, ndipo Lamulungu lotsatira tinali ndi fanizo la mwana wolowerera, ndinasankha lomwelo. Ndinaganiza kuti ndikuchita bwino, kuti ngakhale nzeru za kusukulu zigwadire Mawu.

Pano ndiyenera kunena za nyumba yanga. Ana ndili nawo awiri. Wamwamuna, yemwe ndi wamng'ono, anagulitsa injini ya boti langa n'kupita ku Nampula, mayi ake asanayambe kudwala. Pa maliro sanabwere. Wamkaziyu ndiye anadwazika mayi ake zaka ziwiri, n'kukana malo a ntchito m'tauni kuti ine ndisatsale ndekha. Kuseri kwa nyumba ndinkasunga tonde mmodzi wonenepa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ndi wa tsiku limene mnyamatayo adzabwere. Zonsezi sindinaziganizire posankha nkhani. Mulungu ndiye mboni.

Tinayamba ndi formalizimu. Ndinati apa saona wolemba kapena nthawi yake, amaona mmene nkhani yamangidwira. Fanizoli lili ndi zigawo ziwiri, mwana aliyense chake. Bambo atuluka panja kawiri. Mawu a kutayika ndi kupezeka abwerezedwa kumapeto kwa chigawo chilichonse. Iye analemba msanga m'kope.

Estruturalizimu ndinati imafuna zinthu zotsutsana zimene zagwiriziza nkhani: kwawo ndi kutali, njala ndi phwando, kufa ndi kukhala moyo, m'nyumba ndi panja. Imafunsanso ngati mafupa omwewo ali m'nkhani zina.

"Alimo," anatero. "Wamng'ono kulanda malo a wamkulu. M'Malemba mwadzaza."

Ndinaseka, ndinati wayamba kugwira.

Pa marikisizimu ndinati funso ndi lakuti chuma n'cha yani, ndipo akukhetsa thukuta ndani. Antchito a m'fanizomo ndiwo atenga mwinjiro, ndiwo apha mwana wa ng'ombe amene anamuweta okha, koma palibe awafunsa maganizo. Ndipo mnyamata abwerera kwawo njala itamupweteka, atawerengera kuti aganyu a bambo ake amadya bwino.

"Ndiye sanalape, anangomva njala?"

"Silaidi imeneyi ingawerenge choncho. Ife kutchalitchi sitiwerenga choncho."

"Koma pa ezame sadzafunsa za kutchalitchi, ababa."

Pa feminizimu sanadikire kuti ndifotokoze. Anawerenga timizere tija, kuti tione kumene akazi ali, amene akulankhula ndi amene atsekedwa pakamwa, n'kukweza mutu.

"Mayi wa anyamatawa ali kuti?"

Ndinati satchulidwa. Mlongo satchulidwanso. Akazi okhawo amene amveka m'nkhani yonse ndi achiwerewere, ndipo iwonso angotchulidwa pakamwa pa mwana wamkulu wokwiya uja.

"Nanga phwandolo anaphika ndani?"

Cholembera anali atachiika pansi. Ine ndinafulumira kupita pa pisikanalize. Ndinati iyi imasaka zofuna zobisika, zimene munthu sadziuza ngakhale yekha. Kupempha cholowa bambo ali moyo kuli ngati kuwafunira imfa. Ndipo ukali wa mkuluyo ukhoza kubisa nsanje: mwina iyenso ankafuna kupita, koma anakanikiza mtima wake zaka zonsezo n'kuutcha kumvera.

Ndikulankhula choncho, tonde analira kuseri. Tonse tinamva. Palibe anatembenuka.

Silaidi yomaliza inali ya owerenga, yonena kuti tanthauzo limamalizika mwa wolandira nkhani. Panali mawu a Chipwitikizi akuti lacuna, ndipo anandifunsa m'chinenero chathu. Ndinati ndi mpata. Wolemba amasiya mpata, wowerenga amaudzaza ndi moyo wake. Ndinanyadira chitsanzo changa: fanizoli limatha bambo ali panja akudandaulira mwana wamkulu kuti alowe, ndipo sitiuzidwa ngati analowa. Ndinati asodzi a m'tchalitchi mwathu onse amamulowetsa, ndipo inenso zaka zonsezi ndakhala ndikumulowetsa.

"Ndiye si nkhani imene ikunena kuti analowa?"

"Ayi. Ndi ife."

"Ndipo wowerenga wina ali ndi mpata wonena kuti sanalowe."

"Ali nawo, malinga asatsutse zolembedwazo."

Anayang'ana ukonde pamiyendo panga. Kenaka anati, mwaulemu wake wonse uja, "Ababa, m'fanizomo bambo aja anatuluka kukamufuna wamkuluyo. Inu mwandiwerengera nkhaniyi kasanu ndi kamodzi lero. Minibasi ya chapa ikalira pamsewu mumadzuka kukaona ngati mchimwene wanga watsika. Ine ndikamachokera kusukulu simudzutsa ngakhale mutu."

Ndinali ndi mayankho ambiri, onse a m'Malemba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti zanga zonse ndi zake, koma ndinazindikira kuti amenewo ndi mawu a bambo wa m'fanizo, ndipo mwa ine akanakhala bodza. Chimene ndinanena n'chakuti foni yake ikutha moto.

Lamulungu ndinaimirira pa gome n'kuwerenga fanizolo. Iye anali m'kwaya, pa malo ake. Nditafika pamapeto ndinamva mpata uja uli yasa m'tchalitchi monse, ndipo ndinachedwa kutseka buku mpaka abusa anatsokomola.

Ezame anakhoza bwino kwambiri. Anandiuza kuti pa funso la owerenga analemba za fanizo lomwelo, ndipo mphunzitsi anawerengera anzake yankho lake. Sindinapemphe kuliona. Chaka chisanathe anapempha kusamutsidwa, ndipo anamupatsa sukulu ku Maniamba, pamwamba pa mapiri. Si kutali kwenikweni. Munthu akanyamuka m'mawa amafika dzuwa lisanapendeke.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke ndinanola mpeni, ndinamuuza kuti tondeyo ndimuphera iyeyo.

"Musiyeni, ababa. Ali ndi mwini wake."

Sanakwiye. Anachapa zovala zanga zonse, anandionetsa pamene anaika mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, anagwada potsanzika monga mwa masiku onse. Tsopano amaimba foni kamodzi pa mlungu, amafunsa ngati ndadya. Ndikamufunsa ngati wapeza tchalitchi kumeneko, amati lilipo. Sanena ngati amalowamo.

Ndapemphera kuti Ambuye andionetse ngati ndinachimwa popereka Mawu ake ku masilaidi aja. Sindikhulupirira kuti tchimo linali pamenepo. Silaidi iliyonse inangofunsa funso lake, ndipo mafunsowo anali m'nyumba muno kale, ine ndikuwalambalala popita kukadyetsa mbuzi. Tondeyo wakalamba tsopano, nyama yake sidzatafunika. Chapa ikalira ndimadzukabe, ndipo sindidziwanso kuti ndikuyang'ana ndani mwa awiriwo.