Zikomo amene anachotsa mayi m'kalabu

Ntchito yolemba mawu othokoza inkanditopetsa kuposa kukwera njinga kuchoka ku Kaphuka kupita pa boma. Ndinali kalaliki wa kabungwe kothandiza alimi a mbatatesi, matipate atakhazikika kale, mabungwe ali mbwee ngati bowa.

Chaka china chiwawu chinawononga minda, koma mbewu ya kalabu ina inapulumuka. Anaipulumutsa ndi mayi wina wamasiye, wosunga kiyi wa nyumba ya mbewu, yemwe ankazula mitengo yodwala ndi kusankha mbatatesi imodziimodzi. Abwana anati ndilembe zikomo mmodzi, apite ponseponse. Ndinati ayi bwana, bolodi ya zidziwitso, imelo ndi msonkhano sizidyera mbale imodzi.

Mayiwo anali atandipempha kale. “Achimwene, pagulu musanditchule ndekha. Ine ndimakhala ndi anthu. Akandida, andilimitsa ndani?”

Ndinalemba katatu. Pa bolodi mizere iwiri ya zilembo zikuluzikulu, yowerengeka munthu ali panjinga: tikuthokoza kalabu yonse posunga mbewu. Imelo ndinailemba m'Chingerezi, dzina lawo ndi zonse anachita, poti a ku likulu ankafuna munthu woti amutumize kumaphunziro. Kuitumiza kwake, mayo ine! Kompyuta inali pa boma, foni yolumikizira imelo kulira, kuduka, kuliranso, ine njala ili m'mimba. Mawu a pamsonkhano ndinawayala mwa kwathu: kuyamba ndi mafumu, akuluampingo, alangizi, kenako kalabu, mayiwo n'kuwatchula pakati pa anzawo ngati mongodutsa.

Tsiku la msonkhano abwana anafika mochedwa, anthu atauma ndi mphepo ya Juni. Ndinawapatsa pepala la msonkhano.

“Latalika ili,” anatero. Anasolola m'thumba pepala la imelo ija, lomwe ndinawasindikizira kale, n'kuyamba kumasulira ali chiimire. Mafumu sanawalonjere n'komwe.

“Mayi awa, okha, popanda wowathandiza, apulumutsa mbewu yonse.”

Mawu amenewo ku likulu ndi abwino, koma pano panali amayi omwe anasenza manyowa pamutu kukwera nawo phiri. Nthungululu sizinamveke. Anawomba m'manja ndi abwana okha. Mayi wina kumbuyo anati, “Eya, ife tinali ku tchuthi.” Anthu anaseka, mayi wamasiye uja maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Pobwerera abwana anati zayenda bwino. Ine mphamvu zokangana ndinalibe.

Patapita masabata angapo mayiwo anabwera ku ofesi, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kuika kiyi pa tebulo ndi manja awiri. Ndinawauza kuti a ku likulu ayankha, awasankha kupita kumaphunziro.

“Zikomo achimwene. Koma dzulo kumunda wa kalabu ndinali ndekha. Akuti ndimatha ndekha.”

Ndinafunsa ngati ndingakalankhule nawo anzawowo.

“Ayi, mwalankhula kale mokwanira. Kiyiyu mupatse wina, ine ndikufuna anthu odzandiika m'manda.”