Funso la alamu anga

Mundikhululukire pogwira cholembera ine amene sukulu yanga inathera kumudzi. Nkhaniyi yandikhala pamtima, n'chifukwa chake ndayesa.

Ndinkajambula timakanema ta ulimi wa mbatatesi m'munda mwa bambo anga, kumtunda kwa Chimbiya, n'kumatiika pa intaneti. Nkhope yanga sindinkaionetsa, ankaoneka ndi manja okha. Oonera anali ochepa, mwakuti komenti iliyonse ndinkaiwerenga kangapo.

Tsiku lina panabwera funso: "Mbatatesi zanga zikufota chonsecho mvula ikugwa. Ndipopere chiyani?" Ofunsawo anali alamu anga, amuna a achemwali, omwe ankagulitsa mbewu ya mbatatesi pamsika. Ndinakondwa kuti munthu wamkulu chotero wafunsa ine. Ndinaganiza zowayankha ndi kanema, kuti ena aphunzirenso.

Mawu ake ndinawakonza mosamala. Poyambirira ndinalemba moni wautali, kenaka ndinaufufuta, poti anthu sachedwa kudumpha kanema woyamba mozizira. Ndinayamba ndi kuwerenga funsolo, n'kunena kuti, "Musagule mankhwala msanga, yambani mwaona izi." Kenaka ndinalemba zoti ndidule tsinde lofota, ndiliviike m'tambula ya madzi oyera, oonera aone timizere tonga mkaka tikutsika. Ndinamaliza ndi yankho: ngati mwaona zotere, mankhwala palibe, zulani, musabzalemonso mbatatesi kwa zaka zingapo, ndipo mbewu ya m'mundamo isapite kwa wina aliyense. Ulemu wonse ndinauikamo, "inu" ndi "chonde" osaiwala.

Chomwe sindinachiganizire n'chakuti ukayankha komenti ndi kanema, funsolo limamatika pamwamba, pamodzi ndi dzina ndi kachithunzi ka wofunsa. Dzina la alamu pa intaneti linali la bizinesi yawo yomweyo.

Kanemayo anayenda kuposa ena onse. Anthu ankatumizirana mpaka ku Linthipe. Wina analemba kuti, "Si aja amatigulitsa mbewu aja?"

Nditapita kumsika ndinawapeza alamu atakhala pa thumba losamasula. Mayi wa kabichi pafupi nawo, yemwe anazindikira mawu anga m'kanemamo, anafuula kuti, "Adokotala afika! Tambula mwabweretsa?"

"Alamu," anatero alamu anga motsitsa mawu, "kwanu ndi kwathu pali mtunda wanji?"

"Si patali."

"Nanga miyendo inafota ngati mbatatesi zanga? Mbewu ili m'thumbamu ndi ya munda wina, wa kuphiri. Ndani andikhulupirire tsopano?"

Zomwe ndinanena m'kanemamo zinali zoona, ndipo lero ndinganenenso chimodzimodzi. Koma pokonza mawu ndinkaganiza za anthu osawadziwa, kuti asadumphe, ndipo wofunsayo sindinamufunse ngati akulola.

Kanemayo ndinamufufuta, koma anali kale m'mafoni a anthu. Achemwali anasiya kundituma kukagula ndiwo, ankatuma mwana wa eni. Alamu anapirira pamsika milungu ingapo, mbewu ikumera m'matumba. Anatseka malo awo n'kupita kukagwira ntchito yolondera ku Lilongwe Loweruka, pa 9 Marichi 2024.