Tsamba la Makiyi

Tsiku limenelo mu kaofesi ka kuseri kwa sitolo tinalimo anthu asanu. Munali bwana wamkulu, mmwenye wa ndevu zoyera amene anatsegula sitolo ya malata ndi simenti ija ku Area 2 ine ndisanamere imvi. Munali mwana wawo, bwana wamng'ono, amene anali atangolandira makiyi chaka chomwecho. Munali mayi wokonza malipiro, foni ili m'manja. Munali mkulu wina wa ku Chinsapo, wonyamula simenti, mwini mlandu. Wachisanu ndinali ine, kapitawo wa onyamula katundu, wosunga kope la ochedwa. Dalaivala anali panja, koma amati anamva zonse. Sinditsutsa. Ine kunong'ona sindikudziwa, ndipo sindinapepesepo chifukwa cha zimenezo.

Sukulu ndinalekera mu Sitandade 2. Zilembo mpaka lero ndimachita kulimbana nazo, koma manambala amandimvera. Kope langa linali lotere: munthu aliyense tsamba lake, pamwamba chizindikiro chake. Dalaivala ndinamujambulira chiwongolero, mayi wosesa tsache, wa ku Chinsapo uja gudumu la njinga. M'mbali ndinkalemba madeti. Ntchito inkayamba hafu pasiti seveni. Munthu akachedwa mphindi zisanu, kandodo kamodzi pa deti lakelo. Mphindi khumi, tindodo tiwiri. Zosakwana zisanu sindinkalemba, poti mawotchi sagwirizana ngati atsibweni pa maliro. Yanga ndinkaitchera ndi wailesi m'mawa uliwonse. Zaka zonsezo palibe anabwerapo kudzati ndamunamizira kandodo. Palibe! Kafunseni.

Kale kope limeneli linali longoopsezera. Bwana wamkulu ankalitsegula kumapeto kwa mwezi, n'kuitana amene tindodo tamuchulukira, n'kumukalipira, nkhani yatha. Koma mwana wawo atatenga udindo anamata pepala pachitseko: wochedwa aliyense adulidwa theka la tsiku, kaya wachedwa pang'ono kaya kwambiri.

Mwezi umenewo mkulu wa ku Chinsapo uja tayala la njinga yake linaphulika, chubu n'kung'ambika malo osamatika. Minibasi tsiku ndi tsiku sakanaikwanitsa. Anayamba kubwera wapansi, ndipo anachedwa masiku asanu ndi anayi. Ndinamulemba onse, ngakhale ankandiyang'ana ndi maso a mbuzi yomangidwa.

"Akapitawo, leroli mungolisiya."

"Ndilisiye kuti likadye kwanu? Dzuka ndi tambala woyamba, mphwanga."

"Tambala wake uti? Tinadya pa Khirisimasi."

Ankadikira malipiro kuti agule tayala ndi chubu. Ndiye tsiku lolandira malipiro anatiitana mu kaofesi kaja. Mayi wa malipiro uja anawerenga mosakweza maso. Malipiro a munthuyu ukawagawa ndi masiku ogwira ntchito makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, tsiku limodzi linali K4,800. Theka lake K2,400. Kuchulukitsa ndi masiku asanu ndi anayi, K21,600.

Wa ku Chinsapo anagwira chipewa ndi manja onse. Ndalama ya tayala inali itapita. Ndipo bwana wamng'ono anawonjezera kuti mwezi wamawa zikabwerezeka, ntchito yatha. Taonani nzeru zake: mumulande tayala, ayendebe wapansi, achedwenso, mumuchotse.

Ndinatsokomola. Ine ndikatsokomola mafaelo amagwa.

"Bwana wamng'ono, ndifunseko. Mukudula masiku kapena mukudula nthawi imene sitolo yataya?"

"Madala, lamulo lili pachitseko. Kope ndi lanu lomwe, mwalemba ndinu."

"Ndalemba ndine, eya. Ndiye mundilole ndiliwerenge ndine."

Ndinatuluka, n'kukatapa misomali ya folo inchi m'bokosi, n'kudzaikhuthula patebulo. Bwana wamkulu anasuntha kapu yawo ya tiyi. Ndinatsegula tsamba la gudumu, kandodo kalikonse ndikuika msomali. Inakwana makumi awiri ndi isanu ndi iwiri.

"Mayi, 27 kuchulukitsa ndi 5?"

"Mphindi 135."

"Maola awiri ndi kota. Tsiku lathu ndi maola eyiti. Pa K4,800 paja, ola limodzi zingati?"

"K600."

"Mphindi imodzi?"

"K10." Anadina foni. "Zonse K1,350."

"Mwamva? Munthu wakuberani maola awiri ndi kota, inu mukumulanda masiku anayi ndi theka. Masiku amenewo simenti anakunyamulirani ndani? Mzukwa?"

Bwana wamng'ono si wopusa, ndisamunamizire. Anati tikamadula timakwacha totero aliyense adzayamba kugula tulo ta m'mawa pa mtengo wa mandasi. Anati mmodzi akachedwa lole imaima, kasitomala amadikira, ndipo zimenezo sizilowa mu K10. Mfundo inalipo. Ndinaona bwana wamkulu akugwedeza mutu, ndipo ndinadziwa kuti misomali yokha sindiwina nayo.

Kumapeto kwa kope kunali tsamba lina limene bwana wamng'ono anali asanalionepo, lojambulidwa kiyi pamwamba. Tsiku limene bwana wamkulu anandipatsa kope loyamba anandiuza kuti, lemba aliyense wolowa pakhomo pano, usaone nkhope. Ine ndinaganiza kuti woyamba kulowa ndi kiyi, ndiye nayenso ndinamupatsa tsamba. Zaka zonse zimene makiyi anali ndi bwana wamkulu, tsambalo linalandira kandodo kamodzi kokha, tsiku lina galimoto litakana kulira. Ndinawaonetsa, anaseka mpaka kutsamwa. Koma chilandirireni mwana wawo makiyi, tsamba lija linayamba kumera ngati udzu wa mu Januwale. Ankayamba wakasiya mwana wake kusukulu ku Area 3, ndiye pa mlatho paja m'mawa magalimoto amayenda ngati akuperekeza mkwati.

Bwana wamng'onoyu ndinamunyamulapo paphewa ali ndi kabudula. Kumuvula pamaso pa bambo ake si nkhani yamasewera, ndipo ine zaka zopuma zinali pafupi. Koma ndinayang'ana chipewa chija chikupotokola m'manja mwa mwini wake, ndinatembenuza kope.

"Bwana wamkulu, tsamba ili mukulikumbuka?"

Anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikulikumbuka. Linali loyera."

"Pepani, ladetsedwa."

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa bwana wamng'ono.

"Ndi makiyi, bwana. Si inu ayi. Ine ndimalemba makiyi. Amene amawanyamula sindimudziwa."

Mayi uja anabisa pakamwa ndi faelo.

Ndinaika masamba awiriwo pafupi, deti ndi deti. Pa masiku asanu ndi anayi aja, masiku anayi wa ku Chinsapo anafika mochedwa ndithu, koma anatipeza tonse tili pakhonde, chitseko chili chokiya, tikudya chinangwa. Ndinawerenga tindodo ta masiku anayiwo, khumi ndi kamodzi, n'kukankhira misomali khumi ndi umodzi kumbali.

"Apa sitolo inataya chiyani kwa munthuyu? Akanafika sikisi koloko akanasenza chitseko?"

Panalinso tsiku lina limene iye anachedwa mphindi makumi awiri, makiyi khumi. Pamenepo ndinachotsa misomali iwiri yokha, iwiri inayo ndinamusiyira, poti chitseko chitatseguka ife tinayamba kutsitsa malata iye kulibe. Patebulo panatsala misomali khumi ndi inayi.

"Mayi?"

"Mphindi 70. K700."

"Koma iye sankadziwa kuti chitseko chikhala chotseka!" Bwana wamng'ono makutu anali atafiira. "Kuchedwa anachedwa basi."

"Zoona zimenezo, ndipo m'kope sindifufuta. Masiku asanu ndi anayi akhala momwemo, mumukalipire mmene mungathere, ndikuthandizani, mawu ndili nawo. Koma kukalipira ndi kwina, kudula ndi kwina. Mudule zimene zatayika. Mukafuna lamulo la pachitseko, lija likuti aliyense. Ndiye tiwerengenso tsamba la makiyi, theka la tsiku, theka la tsiku. Mayi, foni ikadali ndi moto?"

Panja dalaivala anatsokomola chifuwa chabodza.

Bwana wamkulu analankhula ndi mwana wawo m'chinenero chawo, mawu ochepa, motsitsa. Sindinamve, koma kamvekedwe kake n'komwe ndimagwiritsa ine kwa ana anga. Kenako anatembenukira kwa ife.

"Mayi, lembani K700. Iwe wa njinga, ili ndi chenjezo, ndipo lilembedwa. Mwezi wamawa ndikaona tsamba lako lili chonchi, ulandira kalata. Pepala la pachitseko lichoke, tilemba lina: mphindi ndi mphindi, kuyambira pamene chitseko chatseguka. Wochedwa kawirikawiri, chenjezo." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndipo inu akapitawo, misomali yanga ibwerere m'bokosi. Yonse 27. Ndiwerenga."

Wa ku Chinsapo anafuna kugwada. Ndinamukoka kolala.

"Dzuka iwe, ukugwadira chiyani? Wadulidwa! Lolemba ndikuone hafu pasiti seveni, apo ayi kandodo."

Bwana wamng'ono anandidutsa pakhomo osandiyang'ana. Atafika pa kauntala anabwerera.

"Madala, wotchi yanuyo ndi yolondola?"

"Imayenda ndi wailesi, bwana."

Anayang'ana yake, anayang'ana yanga, n'kuchoka. Masiku otsatira sanandipatse moni sabata yathunthu, koma mwana anayamba kumuperekeza kusukulu ndi mayi ake.

Madzulo a tsiku la mlandulo titaweruka, sindinalunjike kudepoti. Ndinalowa mumsika, kumene mwana wanga woyamba ali ndi benchi ya zipangizo za njinga. Njira yonse ndinkakonza mmene ndiyambire nkhaniyo, pati ndiime, pati ndikweze mawu. Ndinamupeza akulongedza masipoko. Ndinakhala pa mpando wake, ndinavula chipewa, ndinatsegula pakamwa.

Iye anakweza dzanja.

"Ababa, sungani mpweya. Theka la nkhaniyo ndamva ndekha ndili pompano, anthu amayesa kwabwera msonkhano wachipani ku Area 2. Theka linalo wandiuza mnzanu wa ku Chinsapo. Wangochoka kumene, tayala lili m'khosi, chubu chili m'thumba. Ndamuchotserako K700."