Nambala ya Chitseko cha Mirlande

Lamlungu, nditachokera ku Misa.

Ambuye, sabata ino Chingerezi changa chagwira ntchito kuno kudziko la eni. Lolemba ndinafunsa ndekha dalaivala basi yopita kuchipatala, ndipo anandimva. Lachitatu aphunzitsi athu, Mayi Delgado, analimbana nane pa manambala, chifukwa "thirteen" ndi "thirty" zimatuluka mofanana mkamwa mwanga. Anati yoyambayo ndiziikoka kumapeto, zikakanika ndizitchula nambala imodziimodzi.

Dzulo masana Wilner, woyandikana nane, anamenya mkazi wake Mirlande ndi simbi. Ndinamva mutu ukugunda khoma, ndipo ndinakagogoda. Wilner anatsegula, manja ali magazi okhaokha.

"Mayi a korona, kapemphereni uko! Apolisiwo muwaitana m'chinenero chanji?"

Anandikankha, ndinagwa, mlomo n'kung'ambika. Ndinakwawira kwanga n'kuimba foni kupolisi. Mayi woyankhayo anafunsa nambala ya chitseko, ndinamuuza.

"Thirty?" anatero.

Chitseko cha nambala imeneyo chili pansanjika ina ya nyumba yathuyi. Ndinalavula magazi, n'kukoka mawu: "Thirteen. One, three."

Apolisi anathyola chitseko choyenera. Mirlande ali kuchipatala, nsagwada yathyoka, koma akupuma. Mawa ndikamuona. Basi yake ndikuidziwa.